Telala wa ku Biwi amene adasiya kunena kuti "bwerani mawa"

Mu Lilongwe muno muli ntchito zitatu zimene anthu amati eni ake bodza adachita kuyamwira: ukalipentala, umakaniko ndi utelala. Akalipentala a ku Mchesi ndi amakaniko a ku Biwi Triangle atikhululukire, sitidayambitse ndife mbiriyi. Koma mwa atatuwa amene amatukwanidwa kwambiri ndi telala, chifukwa bodza lake limaphulika pa tsiku loti silingasunthidwe. Mpando ukachedwa mumakhala pa mphasa. Diresi ya chinkhoswe ikachedwa, chinkhoswecho sichidikira.

Ndiye mukapeza telala amene makasitomala amamusiyira chitenje chodula pamodzi ndi ndalama osakayika, ndi bwino kufunsa kuti adafika bwanji pamenepo. Sabata ino tikukamba za mayi wina wa ku Biwi, wa ana atatu, amene amasokera m'kachipinda ka lendi kufupi ndi msewu wopita ku Kawale. Dzina sitilitchula, poti mwini wake sakufuna zotchuka. Alibe chikwangwani chachikulu, alibe makina a magetsi, ndipo mitengo yawo si yotsika kuposa ya anzawo. Komabe pa miyezi ya maukwati amachita kubweza anthu.

Mayiwa sadayambire pa makina ayi. Adayambira pa kaunjika. Ankalawirira ku Tsoka kukasankha mabuluku ndi masiketi pamene mabelo akutsegulidwa, n'kumayenda nazo m'makomo ku Biwi, Mchesi ndi Kawale. Aliyense amene adagulitsapo kaunjika akudziwa vuto lake: zovala zabwino zambiri zimabwera zazikulu m'chiuno kapena zazitali miyendo, ndipo kasitomala amazigwiragwira n'kuzisiya. Kuti katundu asagone, mayiwa ankapita nazo kwa mdala wina amene ankasokera pakhonde la golosale kuti azichepetse. Tsiku lina atawerengera, adapeza kuti pa buluku lililonse lochepetsedwa, gawo lalikulu la phindu limatsala kwa mdalayo. M'malo modandaula, adapempha kuti azikhala pambali pake masana akamaliza kuyenda.

Kwa miyezi yoyamba mdalayo sadawalole kukhudza chopondera. Ntchito yawo inali kusomola zosoka ndi lezala, kusita ndi simbi ya makala, ndi kusokerera mabatani pamanja. Mayiwa amati nthawi imeneyo ankaona ngati akungogwiritsidwa ntchito yaulere, koma lero amavomereza kuti kusomola ndiko kudawaphunzitsa kusoka. Ukaphwasula buluku losokedwa kufakitale umaona mmene zidutswa zake zidadulidwira, pamene adasiya nsalu yotsalira m'kati, ndi chimene chidayamba kusokedwa. Ndi pomwepo pamene adaphunzira kuti buluku lalikulu m'chiuno amachepetsera pa msoko wa kumbuyo, osati m'mbali, chifukwa ukalanda m'mbali matumba amapotoka. Adaphunziranso kuti ukapitirira mainchesi awiri matumba a kumbuyo amayandikana ndipo buluku limaoneka lobwereka. Likakhala lalikulu kuposa pamenepo, ndi bwino kumuuza mwini wake kuti silitheka kusiyana n'kulandira ndalama yake.

Makina awo oyamba anali a lendi, olipira pa mwezi. Awoawo adagula patapita nthawi ndi ndalama ya chipereganyu cha amayi asanu ndi mmodzi, ndipo anali ogwirapo kale ntchito, a mtundu wa Butterfly, aja akuda opondera ndi phazi. Apa pali kanthu koti amene akufuna kuyamba atolepo. Mdala uja adawaperekeza kokagula, ndipo sadayang'ane penti kapena maluwa a pamutu pa makinawo. Adatenga kansalu kopyapyala ka layiningi ndi mpendero wa jinzi wopindidwa katatu, n'kusoka zonse ziwiri. Kenako adatembenuza nsaluzo kuti aone kunsi. Ulusi ukamapanga timalupu kunsi, kawirikawiri vuto limakhala la ulusi wa pamwamba, kuti wamasuka kapena sudapisidwe bwino, ndipo zimenezo zimakonzeka pomwepo. Makina akamadumpha msoko, choyamba ndi kusintha singano, chifukwa yopindika kapena yobuntha imachita zimenezo. Koma mukaika singano yatsopano, moyenera, makinawo n'kumadumphabe, ndiye kuti vuto lili m'kati, pa kachitsulo kokola ulusi pafupi ndi bobini, ndipo mtengo uyenera kutsika kapena muwasiye.

Zaka zoyamba zidatha ndi ntchito zazing'onozing'ono: zipi, mipendero, zigamba za mayunifolomu a ana, kuchepetsa. Ambiri amene amachoka ku maphunziro a utelala, kaya a TEVETA kaya a kutchalitchi, amanyoza ntchito zoterezi pofuna kuyamba ndi madiresi a akwatibwi. Ine ndikuona kuti amalakwitsa. Palibe mayi amene angapereke chitenje chimene wasungira ndalama miyezi itatu kwa munthu amene sadamuonepo akusoka. Amayamba wabweretsa kabudula wa mwana wong'ambika. Akapeza kuti wasokedwa bwino, pa tsiku limene adauzidwa, amabweretsa siketi yoti asinthe zipi. Chitenje chimabwera kachitatu kapena kachinayi. Ntchito zazing'onozo ndi mayeso amene kasitomala amalembetsa telala osamuuza.

Mu 2020, pamene sukulu zidatsekedwa m'mwezi wa Malichi chifukwa cha Covid-19 ndipo maukwati adachepa, mayiwa adapulumukira pa timasiki ta zidutswa za zitenje monga matelala ambiri. Pamenepo palibe chachilendo. Chimene chidasintha kayendetsedwe ka ntchito yawo chidachitika maukwati atayambiranso.

Bowo la khala

Adalandira oda yoyamba yaikulu: madiresi asanu ndi imodzi a operekeza mkwatibwi, onse a chitenje cha mtundu umodzi chimene banja lidagula kale. Kutatsala masiku anayi, akusita diresi yachisanu, kakhala kadathothoka pa simbi n'kugwera kutsogolo kwa siketi. Bowo lake silinali lalikulu, ngati kandalama kachitsulo, koma linali pamalo poonekera.

Telala aliyense amadziwa njira zobisira zoterezi. Ukhoza kupinda pamenepo ngati sitayilo, ukhoza kusokererapo kaduwa, ukhoza kupereka zovalazo usiku wa Lachisanu, magetsi atazima, mwini wake ali pa chipwirikiti. Mayiwa amati maganizo onsewo adawabwerera. Chidawaletsa si kupemphera kwambiri, koma masamu: madiresi ena asanu analibe kaduwako, ndipo pa zithunzi za ukwati aliyense akadaona. Tsiku lomwelo adanyamula diresiyo n'kupita kwa mayi a mkwatibwi ku Kawale, adawaonetsa bowolo, n'kunena kuti agula chitenje china ndi ndalama yawo ndipo asoka siketiyo kachiwiri.

Sikudali kuwomba m'manja. Adakalipiridwa pamaso pa anthu. M'mawa mwake adazungulira mashopu a nsalu ku Area 2 ndi kwa amayi ogulitsa zitenje, atanyamula kachidutswa, mpaka adachipeza madzulo. Chitenje chatsopanocho chinali chowalirapo pang'ono kuposa chakale, moti adachichapa kawiri kuti chifanane. Madiresi adatuluka Lachisanu masana. Pa oda yonseyo phindu lidathera m'chitenjecho ndi m'maminibasi, ndipo mayi a mkwatibwi aja sadabwererenso mpaka lero. Amene adabwera, patapita milungu ingapo, anali mlamu wawo amene adaonerera kukalipako. Adabweretsa zitenje ziwiri, ndipo kudzera mwa iyeyo mudabwera amayi a gulu lake la kutchalitchi.

Ndikutchula za mayi amene sadabwererewo dala. M'nkhani zambiri za bizinesi timamva kuti munthu adanena zoona ndipo zonse zidayenda bwino. Pa msika sizikhala choncho nthawi zonse. Nthawi zina amene wamulakwira amapita ndithu, ngakhale ulipire. Amene amatsala ndi amene adaona mmene udachitira.

Kuyambira pamenepo mayiwa amasita zovala za oda chotembenuza, atayala kansalu koyera konyowa pamwamba, ndipo makala amawayatsira panja mpaka asiye kuthetheka asadawaike m'simbi. Koma chachikulu chimene adasintha ndi kope.

Kopelo ndi la chikuto cholimba, longa aja olembamo maina ku sukulu. Kasitomala aliyense ali ndi tsamba lake. Pamwamba pali dzina ndi nambala ya foni, kenako miyezo: phewa, chifuwa, chiuno, mahipi, mkono ndi kutalika, pamodzi ndi tsiku limene adayezedwa, chifukwa thupi la munthu silikhala pamodzi. Munthu akabweretsa nsalu, amaiyeza iye akuona ndi kulemba kutalika kwake. Izi n'zofunika chifukwa zitenje zimene timazitchula kuti "chimodzi" sizilingana. Ena amadula mamita awiri, ena mayadi awiri, ndipo yadi ndi yaifupi kuposa mita ndi pafupifupi masentimita asanu ndi anayi. Pa zitenje zitatu kusiyanako kumakwana kudya mkono wa bulauzi. Mkangano wakuti "telala wandibera nsalu" nthawi zambiri umayambira pamenepa, pa nsalu imene palibe adaiyeza.

Akatha kuyeza, amadula kachidutswa kakang'ono pakona n'kukamata pa tsambalo ndi pini, pambali pa kachithunzi ka sitayilo kojambula ndi bolopeni. Kenako mtengo, ndalama imene yaperekedwa, yotsala, tsiku loyesa ndi tsiku lotenga. Kasitomala amajambula tsambalo ndi foni yake, ndipo amene alibe foni yojambula amamulembera kapepala. Chovala chikatha, zidutswa zonse zotsala, ngakhale zazing'ono, amazikulunga m'jumbo momwemo. Ambiri amangoseka n'kuwasiyira, koma amakhala ataona. Zidutswa zimene wapatsidwa ukhoza kusokera timatumba kapena zomangira tsitsi n'kugulitsa poyera. Zimene wangosunga osanena, tsiku lina mwini wake adzaziona pa mutu pa mwana wako.

Chifukwa chake matelala amanama

Nditacheza nawo nthawi yaitali ndidazindikira kuti "bwerani mawa" si matenda a mtima woipa. Ndi matenda a kuwerengera. Telala ambiri sadziwa kuti pa sabata amatha kusoka zovala zingati, choncho amalandira chilichonse chimene chabwera.

Tiyeni tiwerengere monga amachitira mayiwa. Diresi ya chitenje yokhala ndi layiningi ndi zipi, kuyambira kudula, kusoka, kuyesa mpaka kusita, imawatengera tsiku limodzi lathunthu pa makina opondera. Amagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Munthu wosazolowera anena kuti ndiye madiresi asanu ndi imodzi. Ayi. Tsiku limodzi limathera ku tauni kogula zipi, ulusi ndi layiningi, ndi kwa mnzawo wa makina a ovaloko kokatchinga m'mphepete kuti nsalu isamasomoke. Ntchito zazing'ono za apompopompo, za mwana wong'amba yunifolomu ndi bambo wothyola zipi, zimadya ola limodzi kapena awiri tsiku lililonse, ndipo zikaphatikizidwa ndi tsiku linanso. Atsala masiku anayi. Madiresi anayi pa sabata, zonse zikayenda bwino.

Tsono taganizirani nyengo ya Tsiku la Anakubala, pa 15 Okotobala, pamene aliyense akufuna kusoketsera mayi ake. Anthu ambiri amakumbukira malipiro akatuluka kumapeto kwa Seputembala. Kuyambira pa 1 mpaka pa 14 Okotobala ndi masabata awiri, kutanthauza madiresi asanu ndi atatu. Mayiwa amachotsapo imodzi, kusiyira maliro, malungo a mwana kapena lamba wa makina kuduka, ndipo amalandira asanu ndi awiri okha. Wachisanu ndi chitatu amamuuza poyera kuti chake chituluka pambuyo pa tsikulo, asankhe yekha kusiya kapena kupita kwina. Telala amene walandira zitenje 15 pa masiku omwewo sadaname pa tsiku lolandira. Ankakhulupiriradi kuti akwanitsa. Koma masamu adamunamizira kale anthu asanu ndi awiri, ndipo chotsatira n'kuzimitsa foni ndi kutuma mwana kuti akanene kuti amayi apita kumudzi.

Kubweza kasitomala ali ndi ndalama m'manja kumawawa, makamaka lendi ili pafupi. Mayiwa adapangana ndi matelala awiri, wina wa ku Kawale wina wa ku Area 23, amene ntchito yawo adaiona, ndipo amatumiza anthu kumeneko. Nawonso akadzazidwa amabweza kuno. Amene watumizidwa kwina mwaulemu kawirikawiri amadzabweranso nyengo ina, nthawi ino molawirira.

Pa kalendala yawo, nyengo zothina zimadziwika: Seputembala pamene sukulu zikutsegulira ndipo mayunifolomu akufunika, Okotobala wa anakubala, miyezi yopanda mvula pamene maukwati amachuluka, ndi Disembala. Januwale ndi Febuluwale kumakhala zii, anthu ndalama zapita ku feteleza ndi fizi. Miyezi yoterayi ndi imene amasoka mayunifolomu a masaizi osiyanasiyana osadikira oda, ndi kupatsa makina mafuta ndi kuwakonzetsa.

Za magetsi sanyengedwa nazo. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo kuzima kwa magetsi kudafika pa maola ambiri tsiku lililonse kwa miyezi yochuluka. Anzawo amene adagulitsa makina opondera n'kugula a magetsi okhaokha ankasoka pakati pa usiku. Iwo ankangoponda. Koma ovaloko imafuna magetsi, choncho mpaka lero amasonkhanitsa zovala zingapo n'kupita nazo kamodzi, ndipo tsiku limenelo amaliwerengera kale polonjeza kasitomala.

Msampha wina uli pa ndalama ya chikole, ija timati dipoziti. Kuti masamu asavute, tingoyerekeza kuti kusoka diresi ndi K20 000, ndipo layiningi, zipi, ulusi, sitifu wa m'khosi, ovaloko ndi makala zikudya K7 000. Mayiwa amalandira theka, K10 000, pa tsiku losiya nsalu. Lamulo lawo n'lakuti K7 000 ija si yawo. Amaiika padera, ndipo ulendo wotsatira wa ku tauni amagula zipangizo za diresi imeneyo n'kuziika m'jumbo limodzi ndi chitenje chake, dzina litalembedwa. Yogulira ndiwo ndi K3 000 yotsalayo basi, kufikira chovala chitatengedwa.

Telala amene wadya K10 000 yonse amadikira chikole cha kasitomala wachiwiri kuti agulire zipi ya woyamba. Wachiwiriyo amadikira wachitatu. Malinga anthu akubwera, chingwecho chimayenda ndipo mwini wake saona vuto. Sabata imodzi ikangodutsa popanda oda yatsopano, zovala zonse zimaima pamodzi, osati chifukwa chosowa nthawi koma chifukwa chosowa zipi. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukaona kuti muli ndi zitenje zodulidwa kale zambiri koma zomalizidwa palibe, ndiye kuti mwalowa m'chingwe chimenechi.

Mu Novembala 2023, Banki Yaikulu itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1 180 kufika pa K1 700, zipangizo zosokera zidakwera m'masiku ochepa, poti zambiri zimachokera kunja. Amene adadya chikole adapezeka akugula zipi ndi layiningi pa mtengo watsopano pa ntchito imene adagwirizana pa mtengo wakale. Ena adabwerera kwa makasitomala kukapempha yoonjezera, ndipo mikangano idabuka. Mayiwa zipangizo za maoda onse amene anali m'kope zinali kale m'majumbo. Adamaliza pa mtengo wogwirizana, ndipo mtengo watsopano udayambira pa tsamba lotsatira.

Pali chimodzi chimene sadachigonjetse: zovala zosatengedwa. Pa chingwe cha m'shopu mwawo pali madiresi amene akhala miyezi yambiri, eni ake adapereka theka n'kusowa. Tsopano amalemba pa tsamba lomwe lija kuti chovala chikakhala miyezi itatu chitatha kusokedwa, atatha kuimba foni katatu, adzachigulitsa kuti apeze yotsala, ndipo kasitomala amasaina. Kugulitsa chovala cha munthu popanda mgwirizano wotere n'kudziitanira mlandu, chifukwa nsaluyo ndi yake. Ngakhale zili choncho, mayiwa adagulitsapo kamodzi kokha. Amati m'dera lomwe mumakumana pa mjigo ndi pa maliro, pepala silithetsa zonse. Ngongole nayo amapereka kwa ochepa kwambiri, ndipo achibale ndi amene amawavutitsa kuposa alendo.

Nkhani imene amauza mlendo

Kasitomala watsopano akafika, nthawi yoyeza imakhala nthawi yocheza, ndipo mayiwa amafotokoza kumene adachokera. Ndidamvetsera kangapo, ndipo chidandichititsa chidwi n'chakuti nkhaniyo ndi yaifupi ndipo chilichonse chili m'menemo munthu akhoza kukachitsimikiza. Amatchula khonde la golosale limene adayambira, lomwe likadalipo. Amatchula mdala amene adawaphunzitsa, yemwe anthu akale a m'deralo amamudziwa. Amaonetsa makina oyamba aja. Ndipo kwa amene wabweretsa oda ya ukwati, amanena okha za bowo la khala, asadamve kwa ena, n'kumaliza ndi kuonetsa kansalu koyera kamene amasitira lero.

Mavuto a pabanja, za kusowa fizi ndi za bambo wa ana amene adachoka, sizilowa m'nkhaniyi, ngakhale zilipo. Apa ndikugwirizana nawo kwathunthu. Chisoni chimagulitsa kamodzi. Munthu amene wakusiyira ntchito chifukwa chokumvera chisoni amayembekezanso kuti umutsitsire mtengo, ndipo mumtima amakhala ndi mantha kuti chikole chake chikathera ku mavuto amene wamuuzawo. Chimene mwini chitenje akufuna kumva ndi choti nsalu yake ili m'manja mwa munthu amene sadzasowa, wodziwa ntchito, ndipo zikalakwika adzanena.

Zithunzi nazo amasamala. Matelala ambiri masiku ano foni zawo zadzaza ndi masitayilo a ku Nigeria ndi Ghana otengedwa kwa ena, ndipo amaonetsa ngati adasoka okha. Mayiwa ali ndi magulu awiri a zithunzi, ndipo amanena momveka kuti izi ndidasoka ine, izi ndi zongoonera. Kasitomala akaloza chongoonera, amamuuza kuti chithunzicho chili ndi nsalu yolemera komanso zolimbitsa m'kati, ndipo pa chitenje chopepuka sichidzaima chimodzimodzi. Zithunzi za makasitomala awo amajambula atapempha, kawirikawiri kuyambira m'khosi kutsika.

Kuti nkhani ya amene adasoka imagulitsa, chitsanzo chili pafupi pompano, ku Chinsapo. Kumeneko kuli malo osokera a Mayamiko, amene adayambitsidwa ndi Paola Masperi wa ku Italy, yemwe adayamba ndi bungwe lothandiza mu 2008 lisadakule kukhala kampani ya zovala. Amaphunzitsa amayi utelala, amasoka ndi zitenje zogulidwa pa misika ya konkuno, ndipo pogulitsa kunja amauza ogula kumene chovala chidasokedwera ndi amene adachisoka. Mu Seputembala 2019, Meghan, mkazi wa Kalonga Harry wa ku Britain, adavala diresi yawo yakuda ndi yoyera ali ku Cape Town, ndipo madiresi a mtunduwo adatha m'nthawi yochepa. Koma tisatengepo phunziro lolakwika. Nkhani ya Chinsapo idayenda chifukwa diresiyo idaima bwino pamaso pa makamera a dziko lonse. Ikadakhala ndi mpendero wokhota, nkhani yomweyo ikadakhala ya chitonzo.

Ndi mmenenso zilili ku Biwi. Mayiwa akatha kufotokoza mbiri yawo, amatenga chovala chomalizidwa pa chingwe n'kuchitembenuza kuti mlendo aone m'kati: msoko wowongoka, m'mphepete motchingidwa, ndi nsalu yokwana inchi imodzi yosiyidwa m'mbali zonse kuti mwini wake akanenepa chidzakulitsidwe. Amalangizanso kuti chitenje cha thonje chichapidwe chisadadulidwe, chifukwa chimafupika pa kuchapa koyamba, ndipo diresi imene idakwana pa tsiku lotenga imadzathina pa Sabata lachiwiri, mlandu n'kugwera telala. Amene ali pachangu ndipo akukana kuchapa, amamulembera m'kope kuti adauzidwa.

Pakadali pano akuphunzitsa mtsikana mmodzi wa ku Mchesi, ndipo nayenso adayamba ndi lezala ndi simbi. Cholinga chawo chaka chino ndi makina a ovaloko, kuti tsiku lija lothera kwa mnzawo libwerere pa chopondera. Awerengera kuti zikatheka, madiresi a pa sabata achoka pa anayi kufika pa asanu, ndipo Okotobala akubwerayu adzalandira zitenje zisanu ndi zinayi m'malo mwa zisanu ndi ziwiri.